Ndinalephera kugawa nthawi paphunziro langa loyamba

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Lero ndaphunzitsa masamu koyamba mu Sitandade 4, pasukulu ina yakumudzi kuno ku Mchinji, ndipo zandivuta.

Phunziro linali la kuchotsera kobwereka. Ndinagawa ana m'magulu, koma timitengo towerengera tinangokwanira magulu anayi, enawo n'kuyamba kulimbirana. Mphindi 15 zinathera kukhazika ana pansi. Nditalemba 52 - 27 pabolodi, ambiri anapeza 35, chifukwa anachotsa 2 pa 7 m'malo mobwereka khumi. Ndinazindikira belu litalira kale, aphunzitsi ondiyang'anira ali chete kumbuyo, kumangolemba.

Mawa ndibwereze phunziro lomweli, kapena ndipitirire monga mwa sikimu? Nanga zipangizo zikachepa, magulu mumawayendetsa bwanji?