Kodi kalata yopempha kuti msewu watsopano ulowe pa mapu a khonsolo tiilembe motani?

Abale ndi alongo a kuno ku Lusaka, ndikupempha nzeru kwa amene anachitapo zimenezi.

M'dera lathu tinalambula msewu wa mamita 600, ndipo komiti yandituma kulembera khonsolo kuti msewuwo ulembedwe pa mapu ake. Ndinatenga manambala osonyeza malo pa foni, poyambira, pokhota pawiri ndi pothera, koma nditabwererako mawa lake ndinapeza kuti asiyana ndi mamita pafupifupi 5, zomwe zingaike msewu m'puloti ya mnansi.

Foni imagwiritsa ntchito njira yowerengera malo yotchedwa WGS 84, pamene mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa njira ina yotchedwa Arc 1950. Kodi m'kalatamo ndingotchula njira imene ndinayezera, kapena tilipire katswiri woyeza malo wovomerezeka khonsolo isanailandire? Ndiponso, kodi kalatayo ipite kwa mlembi wa khonsolo kapena idzere kwa khansala wathu?