Pulogalamu yanga sikumaliza kufufuza mu mtengo wokhala ndi ulusi

Chisomo, Chilomoni: Akuluakulu, ndikupempha thandizo pa ntchito ya C. Ndapanga mtengo wofufuzira wokhala ndi ulusi, momwe zolozera zopanda mwana zakumanja zimaloza mfundo yotsatira pa ndondomeko ya manambala, m'malo mokhala `NULL`. Ndalowetsa 20, 10, 30 ndi 25, ndipo kusindikiza kukuyenda bwino, koma ndikafufuza 27, yomwe mulibe, pulogalamu ikungozungulira mpaka nditaimitsa ndi `Ctrl+C`. Kodi vuto lingakhale pati?

Madalitso, Ndirande: Achimwene, mtengo wanuwo uli ndi njira yobwerera m'mbuyo, chomwe sichiloledwa m'mtengo. Ikani chizindikiro pa mfundo iliyonse imene mwadutsapo kuti musaibwereze.

Mayi Nyirenda, Namiwawa: A Madalitso aona bwino kuti njira ikubwerera, koma kubwererako ndi ulusi womwewo, si cholakwika ayi. Tsatani 27: pa 20 mupita kumanja kwa 30, kenako kumanzere kwa 25, ndipo popeza 27 ndi wamkulu kuposa 25 mukhotera kumanja, komwe kuli ulusi wokubwezani kwa 30, ndiye mudzazungulira pakati pa 30 ndi 25 osatha. Ndikuganiza kuti mukuyembekezera `NULL` amene munamuchotsa kale. Mfundo iliyonse isunge chizindikiro chonena ngati cholozera chakumanja ndi mwana weniweni kapena ulusi:

```c
if (key > p->key) {
    if (p->rthread) return NULL;
    p = p->right;
}
```

Mukadzafuna kulowetsa 27, mfundo yatsopanoyo itenge ulusi wa 25 wopita kwa 30, kenako 25 iloze 27 ndipo `rthread` yake ikhale 0. Mukasintha cholozera cha 25 musanakopere ulusiwo, 27 idzadziloza yokha.

Chisomo: Zikomo kwambiri mayi, zatheka. Nanga n'zoona kuti posindikiza mtengo wonse njira ya ulusiyi imathamanga kuposa fankishoni yodziitana yokha?

Mayi Nyirenda: Zonse ziwiri zimafika pa mfundo iliyonse, choncho nthawi imakula molingana ndi kuchuluka kwa mfundo. Phindu lenileni n'lakuti simufunika mulu wokumbukira njira yobwerera, komanso mungathe kuyambira pakati n'kupeza mfundo yotsatira popanda kubwerera ku muzu. Perlis ndi Thornton, amene anabweretsa nzeruyi mu 1960, anagwiritsa ntchito malo ongokhala, chifukwa mtengo wa mfundo `n` umakhala ndi zolozera `n + 1` zopanda kanthu.

Bambo Kalua, Limbe: Ine ndinasiya ulusi chifukwa cha kufufuta. Mu mtengo wanga wa ulusi wa mbali zonse ziwiri, ndikachotsa mfundo ya mwana mmodzi pankatsala ulusi woloza malo omwe ndawamasula ndi `free`, pulogalamu n'kudzagwa patapita nthawi, pamalo ena osiyana. Masiku ano ndimasunga cholozera cha kholo basi.

Mayi Nyirenda: Cholozera cha kholo chimawonjezera mabayiti 8 pa mfundo iliyonse pa makina a mabiti 64, bambo, ndipo pa tizipangizo ta memore yochepa ine ndingasankhebe ulusi. A Chisomo, kodi ntchito yanuyo ikufunanso kufufuta?