Lembetso la sh mu Sitandade 2: ndalakwitsa pati?

Madamu a ku Ndirande: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Sabata yonse yatha ndakhala ndikuphunzitsa liwu la sh m'phunziro la Chingerezi, Sitandade 2, ana 94. Pakamwa amakhoza ndithu, ndikaloza pa bolodi onse amati shhh mpaka a kalasi yoyandikana nafe kudandaula. Lachisanu ndinapereka lembetso la mawu 12 awa: ship, shop, fish, dish, sheep, shirt, shoe, sugar, brush, wash, shout, she. Ndachonga makope Loweruka lonse. Amene afika theka ndi ana 11 okha, ambiri ali pa 2 kapena 3. Ndibwereze sabata ina yonse kapena nditani? A PEA akubwera posachedwa ndipo sikimu yanga ili kale m'mbuyo.

Sala a ku Bangwe: Madamu, ingoyambani ndi maphatikizo. Sha she shi sho shu, kenako shati, shuga, shopu, mashini. Ine ndimatero ndipo ana anga sh samuphonya.

Madamu a ku Ndirande: Zikomo achimwene, koma ndikunena za Chingerezi. Za Chichewazo akuzidziwa bwino, mwinanso mopyola muyeso. Pa sugar pafupifupi kalasi yonse yandilembera shuga.

Amayi a ku Chilomoni: Mwana amene walemba shuga sanalakwitse chimene munamuphunzitsa. Mwamuuza sabata yonse kuti akamva shhh alembe s ndi h. Wamva, walemba. Kulakwa kwake nkuti? Mawu amenewo ali ndi liwulo koma alibe malembowo, monganso sure ndi machine, ndiye sayenera kupezeka pa lembetso la sh. Ndisanapitirire, tatengani makope angapo mutilembere zimene anawo alemba ndendende. Malikisi okha satiuza kanthu.

Madamu a ku Ndirande: Ndatenga a pamwamba pa mulu. Fish ambiri alemba fishi, shop alemba shopu, shirt alemba shati kapena shet, shoe alemba shu, brush alemba blash kapena bulashi, wash alemba wosh. Pa ship ndi sheep kamtsikana kena kanalemba ship kawiri, kenako kanafufuta kachiwiri ndi malovu mpaka pepala kuboola. Ndikuona kuti kanaganiza kuti ndabwereza.

Amayi a ku Chilomoni: Ndiye onani bwino mwana wanga. M'mawu onse amene mwalembawa sh alimo, ndipo ali pamalo pake. Anawa phunziro lanu analimva. Chimene chawagwetsa ndi mndandandawo, chifukwa mwafunsa zinthu zisanu ndi ziwiri pamene munaphunzitsa chimodzi.

Tiyeni tiwaone amodziamodzi. Shirt imafuna kuti mwana adziwe ir. Shoe imafuna oe, amenenso m'mawu ena samveka choncho. Shout imafuna ou, sheep imafuna ee. Wash ili ndi a amene akumveka ngati o chifukwa cha w wa kutsogoloyo, ndiye wolemba wosh ali ndi makutu abwino kuposa ife. Brush ili ndi mavuto awiri pakamodzi: b ndi r ogundana popanda lembo la liwu pakati, chinthu chimene Chichewa sichichita, komanso r amene ana athu samusiyanitsa ndi l. Otsala oyera ndi anayi okha, ship, shop, fish, dish. She tingamulole poti amapezeka paliponse m'buku, koma ameneyo ndi woloweza.

Lamulo limene ndimatsata ine ndi limodzi. Chachilendo m'mawu aliwonse chikhale sh yekha. Lembo lina lililonse likhale loti munaliphunzitsa kale ndipo likumveka monga munaliphunzitsira. Mukalemba mndandanda, phimbani sh ndi chala muone zotsalazo. Ngati chotsalacho mwana sanachionepo, chotsani mawuwo.

Chitani ichi usiku uno: tengani makope 30, musayang'ane china chilichonse, muwerenge amene alemba sh molondola.

Sala a ku Limbe: Amayi ndikugwirizana nanu koma pena mukuwafewetsera kwambiri anawa. Ife kuno pa sukulu yolipira timapereka mawu 20 Lolemba, akaloweze kunyumba, Lachisanu alembe. Shirt, shoe, onsewo amakhoza. Makolo akaona mawu a malembo atatu okha amabwera ku ofesi kudzafunsa ngati ndalama zawo zikugwira ntchito.

Amayi a ku Chilomoni: Zimenezo ndi sipelo yoloweza aphunzitsi, ndipo ili ndi malo ake. Koma Madamuwa akufuna kudziwa ngati mwana angamve liwu nkulilemba yekha. Mukamupatsiratu mawuwo Lolemba simungadziwenso. Ine theka la mawu a pa lembetso amakhala oti sanalembedwepo pa bolodi sabata imeneyo.

Madamu a ku Ndirande: Ndawerenga makope 30 aja. Ana 22 alemba sh paliponse pamene amafunika. Asanu alemba s yekha, monga sip ndi fis. Awiri alemba ch, ndipo mmodzi akutembenuza, akulemba hs. Ndachita manyazi, ndinawakalipira Lachisanu lija.

Amayi a ku Chilomoni: Ndiye palibe chobwerezera sabata yonse. Asanu a s aja ndi awiri a ch aja muwaike kutsogolo, vuto lawo ndi la khutu. Muziwatchulira sip, ship, chip mosakaniza, iwo aziloza khadi. Wa hs uja khutu lake lili bwino, angofunika kulemba sh mzere umodzi akutchula.

Mndandanda watsopano ndingaupange chonchi, mawu asanu ndi atatu basi. Anayi a sh kumayambiriro: ship, shop, shed, shut. Anayi a sh kumapeto: fish, dish, wish, ash. Muyambe ndi a kumayambiro chifukwa mwana wa Chichewa anazolowera sh kutsogolo kwa lembo la liwu. Kumapeto nkumene kuli nkhondo. Pomaliza chiganizo chimodzi: The fish is in the dish.

Sala a ku Bangwe: Pepani ndinaphonya funso poyamba paja. Koma shut ndikukayika. Ife tomwe timatchula ngati shat, ana adzalemba a. Bwanji osaika push ndi bush? U wake akumveka ngati wa Chichewa, adzakhoza onse.

Amayi a ku Chilomoni: Pa shut mwanena zoona, u ameneyo makutu athu amamumva ngati a. Ngati Madamu sanalimbikire cup, sun, bus m'mbuyomu, amuchotse aike shot. Push ndi bush adzakhozadi, koma chenjerani. U wa mu push si u wa mu shut. Mukawaika pa mndandanda umodzi mwana amasokonezeka, ndipo mukapereka push yekha akakhoza ndi lamulo la Chichewa, mawa adzawerenga bus ngati busi. Ine ndimawasungira mtsogolo.

Sala a ku Bangwe: Apo sitigwirizana amayi. Mwana akhozeko kenakake, mtima ukhale m'malo. Push amaiona tsiku lililonse pa zitseko za mashopu mu Limbe.

Madamu a ku Ndirande: Nanga fishi ndi shopu ndithana nazo bwanji? Zimenezi ndiye za kalasi yonse, ngakhale anzeru aja.

Madamu a ku Zingwangwa: Ine zinandivuta chaka chatha mpaka mnzanga anakhala kumbuyo kwa kalasi nkundiuza kuti i ameneyo ndikumuika ndine. Kalasi yanga ili m'mbali mwa msewu, maminibasi kulira mahutala, makondakitala kuitanira. Kuti a kumbuyo amve ndimakuwa, ndipo munthu sungakuwe sh, umakuwa lembo la liwu. Ndiye chimatuluka ndi fishiii. Ana amangolemba zimene amva. Pano ndimatchula katatu, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, ndikuyenda, ndi mawu wamba. Pomaliza ndimaika chala pamlomo, shhh, nkutseka pakamwa.

Amayi a ku Chilomoni: Eya, chimenecho nchachikulu. Chinanso, mawu onse a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndiye dzanja la mwana limaona ngati fish sanathe. Ndipo onani kuti shopu, dishi ndi shedi ndi mawu amene amawanena kunyumba, choncho amenewo ndiwo amakopa kwambiri. Nchifukwa chake ndaikamo wish ndi ash, amene alibe mnzawo m'Chichewa. Mukaona mwana walemba ash bwino koma dishi, dziwani kuti ndi chizolowezi cha kunyumba. Akalemba ashi, ndiye kuti sanamvetse kuti mawu a Chingerezi angathere pa sh.

Mankhwala ake ndi timizere. Asanalembe, anene mawuwo mokweza, awerenge maliwu ndi zala: f, i, sh, zala zitatu. Ajambule timizere titatu m'kope, liwu lililonse pa kamzere kake, s ndi h pa kamzere kamodzi. I wachinayi uja amasowa pokhala. Mawu onse a pa mndandandawu ali ndi maliwu atatu kupatula ash amene ali ndi awiri, ndipo ndinamuika komaliza dala kuti muone amene akuwerengadi zala ndi amene akungojambula titatu mwachizolowezi.

Tanthauzo muzinena m'Chichewa, mwachidule. Ship, sitima ya pamadzi ngati Ilala, ship. Ash, phulusa la pa mbaula, ash. Kamtsikana koboola pepala kaja sikakanavutika mukanati iyi ndi sitima, iyi ndi nkhosa, ngakhale kuti sheep ayenera kudikira mpaka mufike pa ee.

Sala a ku Limbe: Nanga pochonga? Fishi ndi wolakwa basi. Mukamupatsa malikisi adzafika Sitandade 8 akulemba choncho.

Amayi a ku Chilomoni: Sindinati akhoza. Ine ndimachonga kawiri: kachongi kakang'ono pamwamba pa sh, ndi chongi wamkulu ngati mawu onse ali bwino. Fishi amapeza kakang'ono kokha, i uja ndimamuzunguliza. M'kaundula ndimalemba manambala awiri. Yoyambayo imandiuza ngati ndipitirire ku ch, yachiwiri imandiuza choti ndikonze.

Madamu a ku Zingwangwa: Makope 94 kuchonga kawiri amayi? Ine ndimawasinthanitsa makope, ndimalemba mayankho pa bolodi, ndimangotenga a mzere umodzi tsiku lililonse. Kuipa kwake amachongerana mokondera, wina anachonga chopanda kanthu chifukwa analonjezedwa chiwaya.

Madamu a ku Ndirande: Ndapereka lero, mphindi 12. Ndinachotsa shut nkuika shot. Mwa ana 88 amene anabwera, 71 alemba sh m'mawu onse asanu ndi atatu. Okhoza mawu athunthu asanu ndi limodzi kapena kuposa ndi 49. Fishi wachepa kwambiri pamene anajambula timizere, koma m'chiganizo muja wabwereranso, pafupifupi theka alemba dishi. Ash ambiri anajambula titatu nkudzaza kachitatu ndi i, monga munanenera. Chimene sindinayembekezere ndi shed: ambiri alemba shedi, ena sheb.

Amayi a ku Chilomoni: Sheb ndi nkhani ya b ndi d, si ya sabata ino. M'chiganizo mulibe timizere, nchifukwa chake. Mawa alembe chiganizo chomwecho, koma asanayambe ajambuliretu timizere ta fish ndi dish pokha.

Sala a ku Bangwe: Ine Lachisanu ndiyesa ndi push ndi bush momwemo, ndidzakuuzani. Madamu a ku Ndirande, sip ndi chip munaziikamo pa lembetso kapena munangochita ndi a kutsogolo aja?

Madamu a ku Ndirande: Ndi a kutsogolo okha. Ch sitinafike, ndinaopa kubwereza za shuga zija. Awiri a ch aja akadalembabe chop m'malo mwa shop, ndiwaonanso mawa pa buleki.