Mnyamata wa gemu uja: zatha bwanji

Funso langa lija linali lakuti: "Mwana wanga wa zaka 15 amasewera gemu pafoni mpaka 2 koloko usiku. Kodi wadwala, ndimulande foniyo?"

Anamwino wina anandiuza kuti ndisiye kuwerenga maola okha, ndione chimene gemuyo yawononga: tulo, sukulu, chakudya, anzake. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse limati kusewera gemu ndi matenda pamene munthu akulephera kudziletsa, gemu yaposa zonse, akupitirizabe ngakhale zinthu zikuwonongeka, ndipo nthawi zambiri zikhale zatenga miyezi 12.

Wathuyu mpira amapitabe, nsima amadya nafe. Chinawonongeka ndi tulo. Msinkhu wake umafuna maola 8 mpaka 10, iye amagona anayi, n'kumasinza m'kalasi.

Foni sitinalande. Tinagwirizana kuti 9 koloko ikakwana, mafoni onse, yanga yomwe, azigona pabalaza. Iye anapempha chimodzi:

"Amayi, muzindichenjeza kukatsala mphindi 20. Ndikatuluka pakati pa gemu anzanga amaluza chifukwa cha ine."

Zimenezo tinavomera. Loweruka amasewera momasuka akamaliza kuchapa. Bandulo amagula ndi ndalama yake ya pamlungu, ikatha yatha. Kunyinyirika kulipo ndithu, koma m'mawa akudzuka yekha.