Kagawidwe ka phindu: tsopano wachitatu akufuna kulowa

Poyamba munandifunsa kuti: "Tili awiri mu bizinesi, A ndi B. Mnzanga B amalandira malipiro, tonse timalandira chiwongoladzanja pa mpamba, ndipo timagawana 3:2. Tiyambire pati?"

Ndabweranso chifukwa mwandiuza kuti munthu wachitatu, C, akufuna kulowa mu bizinesiyi. Tikumbutsane kaye za poyamba paja. Phindu linali 120,000. Chiwongoladzanja cha 5% chinapatsa A 10,000 pa mpamba wa 200,000, ndipo B 5,000 pa 100,000. B anatenganso malipiro a 30,000. Zotsala, 75,000, ndizo zinagawidwa 3:2, A 45,000, B 30,000.

Tsopano chimene chimakanganitsa anthu ndi mbiri yabwino ya bizinesi, imene awirinu mwaivutikira C asanabwere. Tinene kuti mwagwirizana kuti mtengo wake ndi 50,000. Muyambe mwaiwonjezera pa mpamba wa inu akale potsata 3:2, A 30,000, B 20,000. Ngati simukufuna kuti ikhale m'mabuku, muichotse potsata kagawidwe katsopano, tinene 2:2:1. A achotseredwa 20,000, B 20,000, C 10,000.

Taonani zotsatira zake. A wapindula 10,000 chifukwa gawo lake latsika kuchoka pa 3/5 kufika pa 2/5. B sanasinthe, popeza gawo lake likadali 2/5. C akabweretsa 60,000, mpamba wake ulembedwa 50,000. Chonde mufotokozereni zimenezi asanasaine, angaganize kuti mwamubera.

C akalowa pakati pa chaka, phindu la miyezi yam'mbuyo ndi la awirinu basi, ndipo malipiro ndi chiwongoladzanja muziwerenge potsata miyezi.