Za mwana wathu ndi sikelo yake, tisanakumane pa Khirisimasi

Mayi ake: Abale, tisanayambe zosonkherana ya mbuzi, ndili ndi nkhawa ndi mwana wanu wa ku koleji uja. Mu Malichi anayamba kulemba zonse zimene wadya pa MyFitnessPal, pulogalamu ya pa foni yowerengera makalori a m'chakudya, kuti achepeko thupi. Pano ngakhale nsima amaika pa sikelo. Dzulo ndinathira supuni imodzi ya mafuta mu chisoso, iye n'kuyamba kulira kuti ndamuonjezera makalori 120. Anagona osadya.

Amalume: Koma achemwali, kuyeza n'kulakwa? Inenso a dokotala anandiuza kuti ndizichepetsa nsima chifukwa cha shuga.

Azakhali (namwino): Alamu, inu mukapita ku ukwati mumadya ndi anzanu, mawa n'kupitiriza bwinobwino. Iyeyu chakudya chimene sanachiyeze yekha akuchiopa. Mayi ake, pa tsiku wadziikira makalori angati?

Mayi ake: Anayamba ndi 1,500, kenako 1,200. Pano ndi 800. Akadutsitsa, usiku amadumpha chingwe kuseri kwa nyumba mpaka nambala ibwerere.

Azakhali: Mayi wamkulu amafunika pafupifupi 2,000 pa tsiku. Nambala yomangotsika, komanso kulipira chakudya ndi thukuta, apa kuwerengako kuleke basi. Nanga kumwezi akupita?

Mayi ake: Miyezi itatu tsopano ayi, ndipo akuti alibe mimba. Wavala juzi ndi kutentha konseku, tsitsi likutsalira m'chipeso.

Msuweni wake: Kusukulu sabweranso kodyera. Amati wadya kale, koma ine ndimadziwa kuti sanadye.

Agogo: Mubwere naye kuno ndimudyetse ndekha.

Azakhali: Amayi, pepani, zomukakamiza mbale yodzaza ayi. Munthu amene wakhala nthawi yaitali akudya pang'ono, kumuonjezera chakudya mwadzidzidzi kumasokoneza mchere wa m'magazi ndipo mtima ukhoza kuvutika. Ayambe waonedwa kuchipatala, amuyeze magazi ndi kugunda kwa mtima, aonenso ngati si shuga kapena TB. Kenako tipeze mlangizi, ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Lilongwe aliko. Akakomoka kapena mtima ukamagunda modumphadumpha, muthamange naye tsiku lomwelo.

Mayi ake: Foniyo ndimulande?

Azakhali: Ayi, angoyamba kuwerengera mumtima mobisa. Ndibwera Loweruka ndicheze naye ndekha, ndimupemphe kuti pulogalamuyo aichotse yekha ndipo sikelo andipatse. Zoti azidya bwanji titsatira zimene atiuze kuchipatala, koma asamadye yekha kuchipinda.

Amalume: Galimoto ya kuchipatala Lolemba ndi yanga. Sikelo yanganso kumudzi sindibwera nayo.

Azakhali: Chinanso, tikakumana pasapezeke wonena kuti "waonda" kapena "wanenepa", ngakhale moyamikira. Osamuyang'anitsitsa m'mbale.

Agogo: Ndamva. Adzakhale pafupi ndi ine pamkeka, ndidzakhala chete.

Msuweni wake: Loweruka ndibwera nanu azakhali, akandiona ine sachita mantha.