Manambala a ziphaso akukana kugwirizana ndi kaundula: tiyambire pati?

Tiyamike (Linthipe): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mafomu 640 a alimi a mbatata ya kachewere, olembedwa pamanja kumidzi. Ndikulowetsa mu Excel dzina, mudzi ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Kaundula wa chaka chatha ndili naye, ndipo manambala ake anatengedwa pochita sikani ziphaso zenizenizo. Ndalowetsa mafomu 200, koma nditafananitsa ndi kaundula, 31 akubwera `#N/A`. Alimiwa ndi akale, si atsopano. Ndipitirize kaye ndidzakonze pamapeto, kapena ndiime?

A Mbewe (Dedza boma): Imani kaye, mayi. Cholakwika chimene chili m'mafomu 200 oyambawo mupita nacho mpaka fomu ya 640, ndipo pofika pamenepo mapepala adzakhala atasakanikirana. Tiyambe ndi zolakwika za kompyuta, za maso zibwere pambuyo. Nambala ya chiphaso cha NRB ili ndi zilembo ndi manambala 8 pamodzi. Ngati manambala anu ali mu kolamu B, ikani izi pambali n'kukokera pansi:

```
=LEN(B2)
```

Paliponse pamene sipakubwera 8, pali vuto. Pakabwera 9, kawirikawiri ndi mpata umene chala chinagunda kumapeto osaona. Pakabwera 7, mwina mwadumpha chilembo, mwina Excel yameza ziro wakumayambiriro ngati nambalayo ndi ya manambala okhaokha. Tiuzeni mwapeza angati.

Tiyamike: Khumi ndi mmodzi ali ndi 9. Awiri ali ndi 7. Palinso mmodzi wachilendo, kabokosi kakuonetsa `4.82E+11` chonsecho ine sindinalembe zimenezo.

A Mbewe: Ameneyo munalemba bwino, Excel ndiyo yamusandutsa. Nambala ikakhala ya mtundu wa `48213E07`, manambala okhaokha ndi E pakati, Excel imayesa kuti ndi masamu a sayansi n'kuisintha. Mankhwala ake ndi kuika kolamu yonse pa `Text` musanalembemo kanthu. Mukaika `Text` mutalemba kale, zimene zinasinthazo sizibwerera zokha, muyenera kutenga fomu n'kulembanso. Chimodzimodzinso ziro amene wamezedwa. Za mipatazo, fomula yofufuzira ikhale yotere, ngati kaundula ali pa tsamba lotchedwa `Kaundula`, nambala mu A, dzina mu B, mudzi mu C:

```
=IFERROR(VLOOKUP(TRIM(B2),Kaundula!A:C,2,FALSE),"PALIBE")
```

Gift: Njira yachidule ilipo. Pamene pali `FALSE` lembani `TRUE`, ma `#N/A` ambiri amachoka nthawi yomweyo chifukwa imasaka nambala yoyandikira. Kenako pangani `Find and Replace`, O aliyense akhale ziro. Olemba kumidzi amasokoneza ziwirizi kwambiri.

A Mbewe: Achimwene, zoti O ndi ziro zimasokoneza ndi zoona ndithu, koma za `TRUE` ayi, chonde musayese. `TRUE` sisaka nambala yofanana ndi imene mwalakwitsa. Imatenga imene ili pafupi m'ndondomeko ya zilembo, ndipo ngati kaundula sanasanjidwe imatola aliyense. Mudzaona dzina labwera, mtima n'kukhala pansi, pomwe ndi la munthu wa mudzi wina. `#N/A` ndi yabwino chifukwa ikukuwa kuti pano pali vuto. Za O, musanasinthe chilichonse funsani kaundula yemweyo:

```
=COUNTIF(Kaundula!A:A,"*O*")
```

Ikabwera 0, ndiye kuti mwa alimi anu onse palibe amene ali ndi chilembo O mu nambala yake, ndipo O amene mwalemba ndi ziro, kapena D kapena Q wolembedwa mothamanga. Taonani, ngakhale pamenepo sitikudziwa kuti ndi uti mwa atatuwa. N'chifukwa chake kusintha onse pakamodzi n'koopsa.

Tiyamike: Ndachita. `TRIM` yachotsa 11 aja, atatu ndalembanso. Atsala 17 a PALIBE, onse ali ndi zilembo 8.

Mayi Nangozo (Ntcheu): Amenewo tsopano ndiye a maso. Tulutsani mafomu 17 amenewo muwaike pa tebulo paokha, kenako muwagawe potengera dzanja la amene analemba, osati potengera mudzi. Mlembi aliyense ali ndi matenda ake. Wina 5 wake amakhala ngati S chifukwa salemba kadenga ka pamwamba. Wina 1 amamuika kamchira kakatali kutsogolo mpaka kuoneka ngati 7. Wina 2 ndi Z n'zofanana, kapena 8 ndi B, 6 ndi G, U ndi V. Mukazindikira matenda a dzanja limodzi, mafomu ake onse amamasuka. Ndipo pa fomu yomweyo pali pophunzirira: onani mmene analembera 5 pa deti kapena pa nambala ya foni, pamene sipangakhale S, n'kufananitsa ndi chimene chikukuvutani mu nambala ya chiphaso.

Yohane: Pepani, mwina vuto ndi loti ziphasozo zinatha ntchito. Ambiri anajambulitsa m'chaka cha 2017 pa kalembera wamkulu uja. Auzeni alimiwo apite ku boma akakonzetse.

Mayi Nangozo: Ayi a Yohane, apa Excel sikuyang'ana deti lothera chiphaso. Ikungofananitsa zimene mayiwa alemba ndi zimene zili mu kaundula wawo. Tisatumize agogo ulendo wa ku boma chifukwa cha S wooneka ngati 5.

Tiyamike: Nachi chitsanzo, ndasinthako zilembo zina kuti isakhale ya munthu weniweni. Ndinalemba `K7S2MX4T`. Chachitatucho sindikudziwa ngati ndi S kapena 5. Dzina pa fomu ndi Malita Phiri.

A Mbewe: Pamalo pokayikitsapo ikani chizindikiro cha funso, chimene kwa Excel chimatanthauza chilembo chimodzi chilichonse:

```
=COUNTIF(Kaundula!A:A,"K7?2MX4T")
```

Ikabwera 1, pitani mu kaundula ndi `Ctrl+F`, lembani zomwezo, muone munthuyo. Koma musathamangire kukopera. Nambala kugwirizana pa zilembo 7 ndi umboni umodzi chabe. Wachiwiri ndi dzina, wachitatu ndi mudzi kapena chaka chobadwa. Zitatuzi zikagwirizana konzani, ndipo mu kolamu ina lembani zimene munawerenga poyamba, kuti wodzafufuza adzaone kuti chinasintha n'chiyani. Ikabwera 0 ngakhale mwaika chizindikirocho, ganizirani zilembo zosinthana malo, monga `4T` kukhala `T4`. Chizindikiro chimodzi sichigwira zimenezo. Pamenepo sefani kaundula atsale mudzi umenewo wokha, yang'anani dzina, kenako werengani manambala awiriwo kuchokera kumapeto kubwerera kumayambiriro. Diso likamawerenga chobwerera silidzaza lokha zimene likuyembekezera.

Tiyamike: Yabwera 1. Mu kaundula ndi `K752MX4T`, mudzi ndi womwewo, koma dzina ndi Marita Phiri.

Mayi Nangozo: Ameneyo ndi yemweyo. Maina musawafananitse ndi fomula ya `EXACT`, mudzalira, chifukwa theka la mndandanda lidzaoneka lolakwika. Kuno l ndi r timasinthanitsa osaona vuto: Malita ndi Marita, Filipo ndi Firipo. Esinati pa fomu akhoza kukhala Esnart pa chiphaso. Ng'oma wina amamulemba Ngoma, kusiya kachizindikiro. Ena dzina la bambo amaliika patsogolo. Zimenezi ndi za kalembedwe, diso la munthu wa kuno limazidziwa msanga kuposa kompyuta. Chimene chimafuna kusamala ndi amayi achikulire amene mudzi wonse umawadziwa ndi dzina la mfunda, Nachisale, Nabanda, Nasibeko. Mlembi amalemba dzina limene gogoyo watchula, pomwe pa chiphaso pali lina lenileni. Pamenepo simungaweruze muli pa mpando. Fomuyo ibwerere kwa mlembi kapena mlembi wa a mfumu akaone chiphasocho ndi maso.

Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa si 17 amenewo. Ndi 183 amene akuoneka ngati ali bwino. Mwawayang'ana maina amene fomula yabweretsa?

Tiyamike: Ayi, ndimangoyang'ana a PALIBE.

Mayi Nangozo: Yang'anani lero lomwe, mzere ndi mzere, dzina la pa fomu ndi dzina lochokera mu kaundula zili moyandikana. Nambala ikhoza kupezeka mu kaundula koma ili ya munthu wina. Zimachitika kwambiri pa banja: bambo abwera ndi ziphaso ziwiri m'thumba la pulasitiki limodzi, mlembi n'kukopera nambala ya mayi pa fomu ya bambo. Excel sidandaula chifukwa nambalayo ilipodi. Chinanso ndi kutsetsereka kwa mzere. Mukaona anthu atatu kapena anayi otsatizana aliyense ali ndi dzina la mnzake wa pamwamba, diso linadumpha mzere pokopera. Konzani kuyambira pamene zinayambira, ndipo poŵerenga pepala la mizere yambiri muziika rula pansi pa mzere umene mukulemba. Pomaliza onani ngati nambala imodzi sinalowe kawiri:

```
=COUNTIF(B:B,B2)
```

Pamene pabwera 2, mafomu onse awiri atuluke.

Gift: Ndiye bwanji osangolemba nambala yokha, dzina lizibwera lokha kuchokera mu kaundula? Ntchito ichepa ndi theka, komanso Malita ndi Marita sadzavutanso.

A Mbewe: Liwiro lilipo, sindikana. Koma mukatero mwataya mboni. Dzina limene mwalemba nokha kuchokera pa fomu ndi limene limatsutsa nambala ikalakwika. Likangobwera lokha, munthu wotopa cha m'ma 3 koloko masana amangovomereza. Ine ndingati lembani zonse ziwiri, kolamu ya kaundula ikhale yofananitsira.

Mayi Nangozo: Apa a Mbewe tisiyana pang'ono. Njira ya a Gift imagwira ngati muli awiri: wina alemba nambala n'kutchula mokweza dzina limene labwera, wina wagwira fomu n'kuvomera kapena kukana. Mukakhala nokha ndiye zoona, lembani zonse. Potchula manambala muzinena kuti “B wa Balaka”, “D wa Dedza”, chifukwa B, D, P ndi T m'khutu zimamveka chimodzimodzi.

A Mbewe: Ndavomera za awiriwo, ngakhale maofesi ambiri munthu wachiwiriyo sapezeka. Mayi Tiyamike, pa 440 otsalawo fomula zikokereni pansi mpaka mzere womaliza musanayambe, ndipo muzigwira mafomu 25 pa mtolo. Mukatha mtolo, onani `LEN`, a PALIBE ndi maina, mapepala adakali m'manja, kenako mangani ndi labala n'kulemba pamwamba kuti fomu 201 mpaka 225. Fomu iliyonse ikhale ndi nambala ya pensulo pakona, yofanana ndi ya mu kolamu A.

Tiyamike: Zikomo kwambiri nonse. Mwa 17 aja, 12 atheka ndi chizindikiro cha funso, ndipo 9 mwa iwo ndi dzanja limodzi la 5 wopanda denga. Awiri anali osinthana malo. Atatu sakupezeka m'njira iliyonse, ndawaika pambali kuti akaonedwe ziphaso. Mu 183 aja ndapezamo banja limodzi losinthana manambala, monga mwanenera. Funso latsala: kwa Malita uja ndisunge dzina la pa fomu kapena la mu kaundula?

A Mbewe: La mu kaundula, popeza linachokera pa chiphaso, ndipo tsiku lolandira katundu adzaonetsa chiphaso chomwecho.

Mayi Nangozo: Bola mutsimikize kaye kuti mainawo anachokeradi pa sikani. Makaundula ena nambala ndi ya sikani koma dzina linalembedwa pamanja, kapena wina analikonza pambuyo pake. Funsani amene anapanga kaundulayo. Podikira yankho, sungani maina onse awiri, lililonse mu kolamu yake.